Kiyi ya pule ikamangodyeka, yang'anani kiyiweyi osati kiyiyo

Vuto ili limabwerabwera makamaka nyengo yokolola, zigayo ndi mashela a chimanga zikamagwira ntchito mmawa mpaka usiku. Pule ya pa mota yayamba kugogoda polizira, kenaka tsiku lina mota ikungozungulira yokha lamba ali phee, mukavula mupeza kiyi, kachitsulo kaja kamene kamamanga pule ku shafiti kuti zizizungulira pamodzi, yadyeka mmbali olo yaduka. Mugula kiyi ina ku Kapata, muika, ikhalako pang'ono, yadyekanso. Ndiye anthu amayamba kunena kuti makiyi a masiku ano ndi feki, ena mpaka kukadulira kiyi ku sipuling'i ya galimoto kuti ikhale yolimba. Chonde musatero, kiyi yolimba kuposa shafiti imangopita kukadya shafitiyo ndipo shafiti ya mota ndi ndalama zambiri kuposa kachitsulo kakang'onoko.

Nthawi zambiri kiyi ilibe mlandu. Mlandu uli pa kiyiweyi, ka ngalande kamene kiyi imagonamo pa shafiti ndi mkati mwa pule. Mwina m'lifupi mwake simukugwirizana ndi shafiti, mwina kuya kwake kunapimidwa pamalo olakwika. Zonse ziwirizi sizongoganizira, zili pa tebulo la makiyi, lija la DIN 6885 limene ambiri opanga mamota ndi mapule a mamilimita amatsata. Manambala ake ndi omwewo mumawapeza kumbuyo kwa makatalogi a mapule ndi makapuling'i.

Kachigawo kamene kamakhudza makina athu ambiri kuno ndi aka, zonse mu mamilimita:

```
d          b x h     t1    t2
17 - 22    6 x 6     3.5   2.8
22 - 30    8 x 7     4.0   3.3
30 - 38    10 x 8    5.0   3.3
38 - 44    12 x 8    5.0   3.3
44 - 50    14 x 9    5.5   3.8
50 - 58    16 x 10   6.0   4.3
```

d ndi kunenepa kwa shafiti, b ndi m'lifupi mwa kiyi (ndiye m'lifupi mwa kiyiweyi momwemo), h ndi msinkhu wa kiyi, t1 ndi kuya kwa kiyiweyi pa shafiti, t2 ndi kuya kwake mkati mwa pule. Basi zake ndi zomwezo. Koma onani 38, ikuoneka pa mizere iwiri, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera.

Titenge chigayo chimodzi tiyende nacho. Mota ya 7.5 kW yothamanga pafupifupi maulendo 1450 pa mphindi, felemu 132, imene shafiti yake ndi 38. Pule yakale yasweka, mwagula ina yosaboola olo ya bowo laling'ono, mwapita nayo kwa mmisiri wa leti kuti aboole ndi kudula kiyiweyi. Mota mwaisiya ku Chadiza chifukwa ndi yolemera, mwangomuuza kuti "a bosi shafiti ndi 38". Iye atsegula tebulo, diso ligwera pa mzere woyamba ndi 38, adula 12. Mufika kunyumba mupeza shafiti ili ndi kiyiweyi ya 10, pule ya 12.

Tebuloli limawerengedwa kuti "kupitirira" nambala yoyamba "mpaka" yachiwiri, ndipo yachiwiriyo ili momo. Mzere wa 30 - 38 ukutanthauza shafiti yoposa 30 mpaka 38 yeniyeniyo. Ndiye 38 ndi ya 10 x 8, ndipo 12 x 8 imayambira pa shafiti yoposa 38, monga 40 ndi 42. Chimodzimodzi 22 ndi ya 6 x 6, 30 ndi ya 8 x 7, 50 ndi ya 14 x 9. Nambala ikakhala pamalire, tengani mzere wa kiyi yaing'ono.

Pali kenanso kamene kamasokoneza anthu okhala ndi zida zabwino. Mukaika maikulomita pa shafiti ya mota yatsopano mupeza 38.01, munthu nkunena kuti yapitirira 38 ndiye tikwere mzere. Ayi ndithu, opanga mamota amasiya dala tinyenyeswa timeneto kuti pule izigwira bwino, tebulo limawerengedwa ndi saizi ya dzina, imene ndi 38. Yodyeka imene ikuwerenga 37.8 nayonso ndi 38 yomweyo, ingoti ili ndi vuto lina limene tilipeza kutsogoloku. Ndipo pimani pamene pule imakhala, osati pa bering'i, chifukwa shafiti imakhala ndi masitepe, pa bering'i imakhala yonenepa.

Manje munthu wafika kunyumba ndi pule ya 12 pa shafiti ya 10, transipoti yobwerera ku tauni palibe, makasitomala ali pa mzere ndi matumba awo. Amaika kiyi ya 10 yomweyo, amanga kasikuluwu ka pamwamba mwamphamvu, chigayo chiyaka. Chimagwiradi ntchito. Koma mkati mwa pule muli mpata wa mamilimita 2, ndiye ulendo uliwonse polizira pule imatsalira mmbuyo, kiyi imathamanga mpata uja nkukamenya khoma, chimanga chikalowa chambiri imamenyanso, pozimitsa imamenya mbali inayo. Kasikuluwu kaja ntchito yake ndi kuletsa pule kuti isasendere kunja, sikanapangidwe kuti kanyamule mphamvu ya mota.

Kuti muone kuti kulimba kwa kiyi si nkhani, mota ya 7.5 kW pa liwiro limenelo imakankha mbali ya kiyi ndi mphamvu yofanana ndi makilo pafupifupi 265, ngati matumba asanu a chimanga a makilo 50 ndi kochepa pamwamba. Zikumveka zambiri koma kwa chitsulo cha mamilimita 10 m'lifupi ndi 70 mulitali, monga zimakhalira zambiri pa mota imeneyi, ndi zachibwana, kiyi yokhala bwino sitopa nazo olo polizira mphamvuyo itachulukako kawiri katatu. Chimene chimaipha ndi kumenyedwa. Mpata ukakhalapo olo wa theka la milimita umakula wokha tsiku ndi tsiku.

Mudziwa bwanji kuti lanu ndi vuto la m'lifupi? Vulani lamba, gwirani shafiti kuti isazungulire, pukusani pule uku ndi uku ndi manja. Ikaseweretsa olo pang'ono chabe, ndi limenelo. Mukavula pule muone fumbi lofiirira ngati dzimbiri pozungulira kiyi pamene sipanalowe madzi, chimenecho ndi chitsulo chimene chakhala chikukhulana. Kiyi yake imakhala ndi ka sitepe mmbali, pamalire a shafiti ndi pule, ndipo milomo ya kiyiweyi imakhala yatambasuka, pamwamba potakata pansi popapatiza.

Kiyi yoyenera siilowa mu shafiti ndi zala zokha ndipo siifuna hamala yaikulu. Imalowa ndi kugogoda pang'ono ndi chithabwa olo hamala ya pulasitiki, mukatembenuza shafiti siigwa. Mu pule iziyenda ndi kukankha ndi chala chachikulu koma osagwedera mmbali. Pa pepala la mmisiri zimenezi zimalembedwa N9 pa shafiti ndi JS9 pa pule, ndipo pa kiyi ya 10 zikutanthauza kuti kiyiweyi ya shafiti isapose 10.00 ndipo isachepere 9.964. Ndi mpata wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi, ndiye veniya wamba sangakuuzeni bwino, kiyi yatsopano yogula ndiyo choyezera chanu chabwino. Mukaona P9 ndiye yothina kwambiri, imafunika pa makina obwerera kutsogolo ndi mmbuyo.

Tibwere pa kuya, apa ndi pamene ngakhale amisiri odziwa ntchito amakanganirana. Tinene kuti shafiti ya chigayo chenichenicho, yonyamula mahamala ija, yapindika ndiye mukupangitsa yatsopano, nayonso 38. Tebulo lati t1 ndi 5.0. Funso ndi loti 5.0 kuchokera pati?

Shafiti ndi yobulungira. t1 imayambira pamsana penipeni pa shafiti isanadulidwe, pamene pamachoka mukadula kiyiweyi. Mukadula ngalande ya 10 m'lifupi, milomo yake imakhala munsi mwa msana uja, ndipo pa shafiti ya 38 kusiyanako ndi 0.67. Ndiye kiyiweyi yodulidwa bwino, mukagoneka veniya pa milomo nkutsitsa kamchira kake pansi, iwerenga 4.33 osati 5.0. Munthu wosadziwa amaona 4.3 nkunena kuti sinakwane, abwezera pa makina, apitiriza mpaka kamchira kawerenge 5.0, ndipo pamenepo wapitirira ndi 0.67.

Njira yosakanganitsa ndi kupima kuchokera pansi pa kiyiweyi mpaka kumimba kwa shafiti mbali inayo. Mlomo umodzi wa veniya ulowe mu kiyiweyi, wina ugwire kuseri:

```
d - t1     = 38 - 5.0     = 33.0
d + t2     = 38 + 3.3     = 41.3
d - t1 + h = 38 - 5.0 + 8 = 41.0
```

Yoyambayo ndi ya pa shafiti, 33.0, ndipo imaloledwa kutsika mpaka 32.8 koma isakwere. Yachiwiri ndi ya mu pule, mupima ndi timilomo tamkati ta veniya kuchokera pansi pa bowo mpaka denga la kiyiweyi, 41.3 mpaka 41.5. Yachitatu ndiyo yosavuta kuposa zonse ndipo ine ndimaikonda, ikani kiyi mu shafiti mupime shafiti ndi kiyi pamodzi, iwerenge 41.0. Mukatsegula katalogi ya mota mupeza nambala yomweyo pansi pa zilembo GA. Kwa mota ya shafiti 28 ndi 31, ya 42 ndi 45.

Onani kuti 41.3 kuchotsa 41.0 patsala 0.3. Kampata kameneka pamwamba pa kiyi ndi kadala ndipo kakuyenera kukhalapo. Kiyi yowongoka imagwira ntchito ndi mbali zake, msana wake usakhudze denga la pule. Ambiri amaona kuwala pamwamba pa kiyi nkumati "yachepa iyi", nkutsekapo ndi kachidutswa ka chitini, pamene mpata umene akuyenera kuuopa ndi wa mmbali.

Kuya kukalakwika zimaoneka mwa mitundu iwiri. Kiyiweyi ya shafiti ikazama kwambiri monga ija ya 0.67, kiyi imamira, mmalo motuluka mamilimita 3 pamwamba pa msana wa shafiti imatuluka 2.3 chabe. Pule imagwira ka mpheto kochepa, ndiye kiyi siiduka bwinobwino koma imapindika milomo ya pamwamba, kukhala ngati yagubuduka, ndipo khoma la kiyiweyi ya pule limadyeka chakumunsi kokha. Shafitiyo nayo yafooka, ming'alu ya shafiti imakonda kuyambira pa ngodya ya pansi pa kiyiweyi.

Ikakhala yosazama, kaya pa shafiti kaya mu pule, pule imakana kulowa, munthu nkutenga hamala ya mapaundi anayi. Imalowa ndithu koma yakwera pa kiyi, mbali ina yanyamuka. Mudzaona pule ikuvina ikamazungulira, lamba akugwedezeka, mabering'i akutentha, ndipo mukavula msana wa kiyi uli ng'aning'ani chifukwa chokhulana. Pule ya chitsulo chosungunula ija, kasiti, siipirira zimenezi, imang'ambika kuyambira pa ngodya ya kiyiweyi kupita kunja. Mng'alu woyambira pamenepo mukauona musanene kuti pule inali yachabe musanapime 41.3 uja. Kuti mutsimikize, pakani maka pa msana wa kiyi, lowetsani pule, ivuleni. Inki ikachoka pamsana ndiye ikukhudza.

Kwa amene akudula pa makina a milingi, tsitsani kata mpaka ingokhudza msana wa shafiti, ikani ziro pamenepo, mutsike 5.0, mukatero t1 yatuluka yokha. Ziro musaikire pamene kata yayamba kudula m'lifupi monse. Komanso kata ya 10 imakonda kudula mopitirira 10 makamaka makina akakhala okalamba, ndi bwino kuyamba ndi ya 8 kenaka kumeta mbali iliyonse pang'onopang'ono mukuyesa ndi kiyi. Ndipo ikhale pakati penipeni pa shafiti, ikapendekera mbali imodzi khoma lina limatalika lina kufupika, mupime makoma onse awiri afanane.

Kanthu kena kakang'ono. Kiyi yogula imakhala yometedwa ngodya, pafupifupi theka la milimita pa 10 x 8, chifukwa pansi pa kiyiweyi ngodya zake si zakuthwa, ndi zobulungirako. Kiyi yodula nokha ku chitsulo cha makona anayi imakhala ndi ngodya zakuthwa, imakakhala pa kubulungira kuja osafika pansi, mukapima mupeza 41.3 mmalo mwa 41.0 nkumaganiza kuti kiyiweyi ndi yosazama. Ingopitsani fayilo mu ngodya zonse zinayi mupimenso. Komanso chitsulo cha 10 x 10 si kiyi ya 10 x 8, mamilimita awiri owonjezerawo akuyenera kuchoka, ndipo muchotse pamsana, mmbali musakhudze.

Manje pali shafiti zimene tebulo ili silikuzikhudza nkomwe, ndipo kuno kwathu ndi zambiri chifukwa makina akale a ku Britain adakalipo ndipo ena amalowa kudzera pa Mwami osadziwika kumene anapangidwa. Veniya ikawerenga 38.1 pa shafiti yosadyeka, imeneyo si 38, ndi inchi imodzi ndi theka, ndipo kiyi yake ndi 3/8 ya inchi, imene ndi 9.525. Tangoganizani, 9.5 ndi 10, ndi maso simungasiyanitse. Muika kiyi ya 3/8 mu kiyiweyi ya 10, ilowa mosangalatsa, mpata wa pafupifupi theka la milimita watsala, nyimbo ija yayambanso. Mukachita mosemphana, ya 10 mu kiyiweyi ya 3/8, siilowa, ndiye munthu amaipala ndi gilainda mpaka ilowe, yopendekera. Chimodzimodzi 25.4 ndi inchi imodzi ndipo imatenga kiyi ya 6.35, pamene 25 imatenga ya 8. Mukaona manambala a mchira ngati 19.05, 25.4, 31.75, 38.1, tsekani tebulo la mamilimita mufunefune la mainchi. Ndipo kiyi ya mutu ija yomenyera ndi hamala pa mafulaiwilo a mainjini akale a dizilo ndi mtundu wina, ndi yosongoka, imagwira ndi msana, kuya kwake mu pule kuli ndi tebulo lake.

Mabushi a tepaloko, aja osongoka amene amathinitsa pule pa shafiti ndi masikuluwu, nawonso chenjerani nawo pa chinthu chimodzi, bowo likakhala lalikulu kwambiri pa saizi ya bushiyo opanga amadula kiyiweyi yosazama kuti bushi isasweke, ndiye imafuna kiyi yometedwa msana. Katalogi imaikapo kanyenyezi pa mabowo amenewo.

Nanga zikakhala kuti zaonongeka kale? Pa nkhani yathu ija ya pule ya 12 pa shafiti ya 10, ngati shafiti isanadyeke, chapafupi ndi kudula kiyiweyi ina ya 10 mu pule, mbali ina kutali ndi yolakwikayo, bola nyama ya pule ikhale yokwanira. Njira ina ndi kiyi ya sitepe, pansi 10 pamwamba 12, koma ipangidwe pa makina kuchokera ku kiyi ya 12, yometedwa mofanana mbali zonse ziwiri, osati ya fayilo pa vaisi. Pa 38 izi zimakhala bwino chifukwa mizere iwiriyo ili ndi msinkhu ndi kuya kofanana, 8 ndi 5.0 ndi 3.3.

Ngati kiyiweyi ya shafiti ndiyo yatambasuka, kuikamo kiyi yatsopano ndi kutaya ndalama, chifukwa idzagwira pansi pokha pamwamba ili lende. Dulani yatsopano kuseri kwa yakaleyo, olo muikuze yakaleyo kufika 12 makoma akhale owongoka ndipo pule muikuzenso. Kudzaza ndi weludingi nkudulanso kumatheka koma pa shafiti ya mota ndimakana, moto umapinda shafiti ndipo rota yake imazungulira pafupi kwambiri ndi khoma, komanso kuwotcherera pule pa shafiti monga ena amachitira ndi kuitana vuto tsiku losintha bering'i.

Ndipo musanalipire chilichonse mwa zimenezi, lowetsani pule pa shafiti popanda kiyi muigwedeze. Shafiti ija yowerenga 37.8 mu bowo la 38.0 idzagwedera, ndipo pule yogwedera imadya kiyi iliyonse olo kiyiweyi itakhala yolondola mpaka pa nambala yomaliza. Imeneyo iyambe yakonzedwa kaye, kaya ndi silivu pa shafiti kaya shafiti yatsopano, kenaka kiyiweyi. Popita kwa mmisiri nyamulani kiyi yakale ndi pule, ndipo ngati mota simunganyamule lembani pa pepala manambala atatu mupime nokha: kunenepa kwa shafiti pamene pule imakhala, m'lifupi mwa kiyiweyi, ndi kuchokera pansi pa kiyiweyi mpaka kuseri kwa shafiti.